Iwo ndikuwamva, koma ine sakundimva pa Zoom

*Zikomo akatswiri. Ndinagula laputopu yogwirapo kale ntchito, ya Windows 11. Ndikalowa pa Zoom anzanga ndimawamva bwinobwino, koma iwo amangoti, "Mayi, tikungoona pakamwa pakuyenda." Ndadina Unmute mpaka chala kutopa. Mwana wanga anayesa kujambula mawu ndi Sound Recorder, ndipo anamveka bwino. Tinayang'ana pa mndandanda wa zilolezo za maikolofoni, koma Zoom sitinaipezepo. Lachinayi ndili ndi intavyu ya ntchito. Kodi ndigule maikolofoni ina?*

*Mayi wa ku Zomba*

Ndalamazo sungani, mayi, mudzakwerera minibasi mukakayamba ntchitoyo. Mwana wanu mumuthokoze, chifukwa theka la ntchito yanga wagwira kale. Maikolofoni yakufa sijambula mawu pa pulogalamu ina iliyonse. Yanuyo ndi yamoyo, ndipo mukagula ina n'kuilumikiza, mwina idzakakhala chete pamalo omwewo pamene yatsekeredwa inzakeyi.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti amaganiza kuti kumva ndi kumveka zimayendera njira imodzi. Ayi. Mawu a anzanu amabwera pa intaneti n'kutulukira ku sipika, ndipo panjira imeneyo palibe amene amafunsa chilolezo. Kompyuta siopa kuti pulogalamu ikuimbirani nyimbo. Chimene imaopa n'chakuti pulogalamu ingamamvetsere mwakabisira zimene mukukambirana m'nyumba. N'chifukwa chake njira ya maikolofoni yokha ndi imene ili ndi zipata.

Ndimakonda kuyerekeza ndi madzi a pampopi. Batani la Unmute ndi mpopi wa pasinki. Mutha kuupotokola mpaka kumapeto, koma ngati wina anatseka kumita panja paja, simuona ngakhale dontho. Ndiye m'malo molimbana ndi mpopi, timatsatira paipi kuti tione pamene madzi aima. Mawu anu amachoka pa maikolofoni, amadutsa pa chilolezo cha Windows, amafika mu Zoom imene iyenera kukhala itasankha maikolofoni yoyenera, amadutsa pa batani lanu lija, kenako kwa woyendetsa msonkhano, n'kupita pa intaneti. Pa zimene mwalongosola, ine ndikukayikira malo awiri okha: chilolezo cha Windows, ndi maikolofoni imene Zoom yasankha. Choyambacho ndiye ndikuchikayikira kwambiri.

Tisanakhudze kalikonse, tipeze choyezera, kuti tisamangofunsa anthu kuti "mukundimva?" Tsegulani bulawuza, mulembe izi pamwamba polemba adiresi:

```
zoom.us/test
```

Dinani Join. Umenewu ndi msonkhano woyeserera wa Zoom, ndi waulere, ndipo mulibe munthu wina aliyense, choncho mutha kutsokomola kapena kuwerenga wani, thu, firii osachita manyazi. Ikuimbirani kanyimbo kuti ione ngati sipika ikugwira, kenako ikuuzani kuti mulankhule n'kukhala chete, ndipo ikubwezerani mawu anu. Mukakhala m'katimo yang'anani pansi kumanzere kwa sikirini. Kachithunzi ka pamenepo kali ndi nkhope zitatu, ndipo iliyonse ikunena zake. Mukaona mahedifoni ndi mawu oti Join Audio, ndiye kuti mwalowa mumsonkhano koma mawu simunalowetse. Dinani pamenepo musankhe Join with Computer Audio. Inu vuto lanu si limenelo, chifukwa munthu amene sanalowetse mawu samva ngakhale anzake. Mukaona maikolofoni yodulidwa ndi mzere wofiira, mwadzitseka pakamwa nokha. Apa pali msampha waung'ono: batani likalembedwa Unmute, likunena zimene lichite mukalidina, osati mmene zilili panopa. Ndaonapo anthu akuona mawu oti Mute, n'kuganiza kuti atsekedwa, n'kudina, kumene kuli kudzitseka tsopano. Zoom zatsopano zina zimangolemba Audio pamenepo. Ndiye mawuwo asiyeni, muziyang'ana mzere wofiirawo.

Nkhope yachitatu ndi imene tikuifuna: maikolofoni yopanda mzere. Lankhulani mukuiyang'anitsitsa. Mawu akamafika mu Zoom, m'kati mwa kachithunziko mumadzaza zobiriwira zimene zimakwera ndi kutsika motsatira mawu anu. Zobiriwira zimenezo ndiye mboni yathu. Zikamavina, mawu afika mu Zoom ndipo vuto lili kutsogolo. Zikangoti zii inu mukulankhula, mawu aima asanafike, ndipo tibwerere m'mbuyo. Ndikukhulupirira kuti kwa inu zili zii.

Tsopano ku zilolezo. Njira yaitali ndi kudina Start, kenako Settings, kenako Privacy & security, n'kutsika mpaka pa Microphone. Yachidule ndi kukanikiza batani la Windows pa kiyibodi pamodzi ndi R, n'kulemba izi m'kabokosi kamene katuluke, n'kudina OK:

```
ms-settings:privacy-microphone
```

Tsamba limene litseguke ndi lomwe lija munaliyang'ana ndi mwana wanu. Simunalakwitse tsamba. Munangobwerera panjira musanafike kumapeto. Pa tsamba limeneli pali maswichi atatu akuluakulu, ndipo lachitatu linabisala pansi penipeni.

Loyamba lili pamwamba, lalembedwa Microphone access. Limeneli ndi la kompyuta yonse, kwa aliyense amene amalowamo. Likazima, palibe pulogalamu imene ingamve kanthu. Lachiwiri ndi Let apps access your microphone, ndipo ndi la akaunti yanu. Pansi pake pamabwera mndandanda wautali wa mapulogalamu, lililonse ndi kaswichi kake: Camera, Sound Recorder ndi ena otero. Pamenepa ndi pamene munafunafuna Zoom osaipeza, ndipo n'zosadabwitsa. Windows imagawa mapulogalamu m'magulu awiri. Pali amene anapangidwa mwa dongosolo la Microsoft Store, amene Windows imatha kuwagwira dzanja mmodzimmodzi. Amenewo ndi amene ali ndi timaswichi tawotawo. Ndiye pali mapulogalamu a mtundu wakale, amene munthu amakatenga pa intaneti n'kudziikira yekha. Zoom ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi Chrome ndi Firefox. Amenewa alibe swichi ya aliyense payekha. Onse amatsekulidwa kapena kutsekedwa ndi swichi imodzi.

Pitirizani kutsika, kudutsa mndandanda wonsewo, mpaka muone mawu oti Let desktop apps access your microphone. Imeneyo ndi swichi yachitatu. Pa sikirini yaing'ono ya laputopu sioneka pokhapokha mutatsika, ndiye munthu amaona maswichi awiri apamwamba ali On n'kunena kuti zonse zili bwino, n'kutseka tsamba.

Taonani mmene umboni wanu ukulozera pamenepa. Sound Recorder ndi ya gulu loyamba. Kuti ijambule mawu, swichi yoyamba iyenera kukhala yoyaka, yachiwiri yoyaka, ndi kaswichi kake koyaka. Inajambula, ndiye kuti zonsezo zili bwino. Chimene Sound Recorder sichifuna koma Zoom imachifuna ndi swichi yachitatuyo basi. Ikakhala Off, mumapeza ndendende zimene zikukuchitikiranizi: pulogalamu ina ikumva, Zoom ili gonthi. Ndipo mukanayesa kuthawira pa Chrome kuti mulowe msonkhano kudzera pa bulawuza, mukanapezanso khomo lomwelo lotseka, poti Chrome nayo ndi ya gulu lomweli.

Iyatseni ikhale On. Mukatero musathamangire kuyesa. Tsekani Zoom yonse kaye, chifukwa kudina X pakona nthawi zambiri kumangoibisa, iyo ikugwirabe ntchito kumbuyo. Pitani pansi kumanja pafupi ndi wotchi, dinani kamuvi koloza m'mwamba, pezani kachithunzi ka Zoom, dinani ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Exit, kapena Quit ngati ndi mmene yalembera yanuyo. Ngati zimenezo zikuvuta, ingozimitsani laputopu ndi Restart. Kenako bwererani ku msonkhano woyeserera uja.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zikuuzeni kuti chipata chatseguka, kuwonjezera pa zobiriwira zija. Zoom ikamagwiritsa ntchito maikolofoni, Windows imaonetsa kachithunzi kakang'ono ka maikolofoni pafupi ndi wotchi, ndipo mukaikapo mausi osadina imatchula pulogalamu imene ikumvetsera. Chachiwiri, mukabwerera pa tsamba la zilolezo lija, dzina la Zoom liyamba kuoneka pansi pa swichi yachitatu. Lidzakhala lopanda kaswichi pambali pake, ndipo musadabwe; pamenepo ndi pongolembera amene anagwiritsapo ntchito maikolofoni.

Kwa owerenga amene ali pa Windows 10, malo ndi omwewo ndipo lamulo lachidule lija limagwiranso. Mawu okha ndi amene amasiyana pang'ono. Mumadutsa pa Settings, Privacy, Microphone. Swichi yoyamba ili pansi pa Allow access to the microphone on this device, ndipo imabisala kuseri kwa batani la Change. Yachiwiri ndi Allow apps to access your microphone, yachitatu Allow desktop apps to access your microphone, nayonso pansi penipeni.

Mwina mukufunsa kuti anazimitsa ndani, poti inu simunakhudzepo. Pa laputopu zogulidwa kwa wina, kawirikawiri ndi mwini wake wakale, kapena amene anaikonza asanaigulitse. Ena amayendetsa timapulogalamu tolonjeza kuti kompyuta izithamanga ndiponso isamakuzondeni, ndipo timeneti timazimitsa maswichi ambirimbiri nthawi imodzi osanena. Zoterezi n'zosavuta, mumangoyatsa. Chovuta ndi pamene swichi ili yotuwa, yosadinika, ndipo pamwamba pa tsamba pali mawu onena kuti zina mwa zimenezi zikuyendetsedwa ndi bungwe lanu, Some of these settings are managed by your organization. Laputopu zambiri zimene zimagulitsidwa m'matauni mwathu muno zinagwirapo ntchito m'makampani akunja, ndipo zina zimabwera malamulo a kampaniyo akadali m'kati. Ngati laputopuyo ndi ya kuntchito kwanu, musalimbane nayo, auzeni oyang'anira makompyuta. Ngati ndi yanu yogula, ibwezeni kwa amene anakugulitsani aikemo Windows mwatsopano, koma musunge kaye mafayilo anu pa fulashi. Pali chinanso: swichi yoyamba ija imasinthidwa ndi akaunti ya mwini kompyuta yokha, imene Windows imaitcha Administrator. Ngati mumalowa ndi akaunti wamba, muitane mwini pasiwedi. Ndipo mapulogalamu ena oteteza ku mavairasi ali ndi loko wawowawo wa maikolofoni ndi kamera, wosiyana ndi wa Windows. Ngati muli nayo yotero, tsegulani muone ngati Zoom sinatsekeredwe kumeneko.

Nanga mukapeza kuti maswichi onse atatu ali On kale? Ndiye tipite kwa wokayikiridwa wachiwiri. Mumsonkhano woyeserera uja, pambali pa kachithunzi ka maikolofoni pali kamuvi kakang'ono koloza m'mwamba. Kadineni. Patuluka mndandanda, ndipo chigawo chapamwamba chalembedwa Select a Microphone. Chimene chili ndi chizindikiro chochonga ndi chimene Zoom ikumvetsera. Maikolofoni ya m'kati mwa laputopu nthawi zambiri imatchedwa Microphone Array, ndipo dzina la Realtek kapena Intel limakonda kukhala pambali pake. Mukaonanso Same as System, tanthauzo lake n'lakuti Zoom itsatire chilichonse chimene Windows yasankha. Zoom ili ndi chisankho chakechake ndipo imachikumbukira, ndiye n'zotheka Sound Recorder kumamvera maikolofoni yabwino pamene Zoom yakakamira ina. Yesani imodziimodzi mukulankhula, maso ali pa zobiriwira zija. Pamene zivine, imani pomwepo.

Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka china, chifukwa zikuonetsa mmene munthu angatayire tsiku lonse pa chinthu cha masekondi khumi. Bambo ena, msungichuma wa komiti ya kutchalitchi kwathu, anandiitana Loweruka m'mawa. Amayenera kupereka lipoti la ndalama kwa abale a mpingo amene ali ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo kawiri konse anali atalephera kumveka. Anali atachotsa Zoom n'kuiikanso katatu, bandulo yonse kuthera pamenepo. Ndinafika, ndinayang'ana zilolezo, maswichi onse atatu ali On. Ndinalankhula, zobiriwira zii. Koma ndikudikira choncho ndinaona zobiriwirazo zadumpha pang'ono, ife tonse tili chete. Patapita kanthawi zinadumphanso. Kuchipinda kunamveka chitseko cha wadiropu chikumenyetsedwa, ndipo zinadumpha kachitatu. Ndinadina kamuvi kaja, ndipo Zoom inali pa timahedifoni ta Bluetooth ta mwana wawo wamkazi. Mtsikanayo anatilumikizapo kamodzi poonera filimu, ndipo tsiku limenelo kamodzi kanali kunja kwa kabokosi kake, koyaka, m'thumba la jekete kuchipinda. Zoom inkamvetsera m'thumba la jekete. Tinasankha Microphone Array, tinazimitsa Bluetooth, ndipo bambowo anawerenga lipoti lawo mpaka tambala yomaliza.

Chimene ndinatolapo n'chakuti zobiriwira zija muziziyang'ana ngakhale pamene simukulankhula. Zikamayenda mosagwirizana ndi pakamwa panu, Zoom ikumva ndithu, koma ikumvera kwina.

Pa nkhani ya mahedifoni a waya ndiimepo pang'ono, poti ambiri timagula a pamsika. Tengani pulagi yake muyang'ane kachitsulo kakumapeto. Kali ndi timizere takuda kapena toyera tozungulira. Timizere tiwiri ndiye kuti ndi omvera chabe, alibe maikolofoni. Titatu ndiye kuti njira ya maikolofoni ilipo. Laputopu zambiri za masiku ano zili ndi bowo limodzi lolandira zonse ziwiri, koma makompyuta akuluakulu a patebulo ndi laputopu zakale ali ndi mabowo awiri. Pa a patebulo lobiriwira ndi la kumva, lapinki ndi la maikolofoni. Mukalowetsa pulagi ya timizere titatu m'bowo lobiriwira mudzamva bwino, koma maikolofoni ya pa wayayo sigwira, pokhapokha mutagula kawaya kogawa pawiri. Palinso mahedifoni amene waya wa maikolofoni unaduka m'kati koma akumvekabe m'makutu. Mukawalowetsa, laputopu imasiya maikolofoni yake yabwino n'kusamukira ku yakufayo. Kuyesa kwake n'kosavuta: azuleni, mulankhule. Zobiriwira zikadzuka, wolakwa mwamugwira.

Pali malo ena awiri amene mawu amaima, ngakhale kwa inu sindikuwakayikira poti kujambula kunatheka. Ndiwatchule mwachidule chifukwa cha ena. Laputopu zambiri zili ndi batani pa mzere wapamwamba wa kiyibodi lojambulidwa maikolofoni yodulidwa, ndipo lina limakhala ndi kagetsi. Pa ThinkPad zambiri ndi F4. Kagetsiko kakayaka, maikolofoni yatsekedwa pa kompyuta yonse, ndipo Zoom ikhoza kumaonetsabe ngati zonse zili bwino. Mwana akamasewera pa kiyibodi, limeneli ndi limodzi mwa mabatani amene amalasa. Malo achiwiri ndi mlingo wa mawu. Kanikizani Windows ndi R, mulembe:

```
mmsys.cpl
```

Pitani pa Recording, dinani kawiri maikolofoni yanu, kenako Levels. Nambala ikakhala pa 0, kapena kasipika ka pambali kakakhala ndi chizindikiro chofiira, ndi pamenepo. Ikwezeni ifike cha m'ma 80, muyesenso.

Tsopano mbali inayo: zobiriwira zikuvina bwinobwino motsatira mawu anu, msonkhano woyeserera wakubwezerani mawu, koma mumsonkhano weniweni akuti sakukumvani. Pamenepo kompyuta yanu isiyeni, yalungama. Funsani kaye ngati ndi onse amene sakumva kapena munthu mmodzi. Akakhala mmodzi, vuto ndi sipika yake kapena sanadine Join Audio, ndipo amene akufuula kwambiri kuti "sitikumva" nthawi zina ndi iye amene ali ndi vuto. Woyendetsa msonkhano nayenso ali ndi mphamvu yotseka onse n'kuletsa kuti munthu asadzitsekule yekha. Zikatero mukadina Unmute mumalandira uthenga wokukanizani, ndipo chochita n'kukweza dzanja ndi Raise Hand kapena kulemba pa Chat. Pa misonkhano ikuluikulu ya mtundu wa webina, omvera sapatsidwa n'komwe batani la maikolofoni mpaka woyendetsa atawaloleza, ndiye musamafunefune chimene kulibe.

Netiweki timaiimba mlandu kwambiri kuno kwathu, ndipo nthawi zambiri imayenera, koma pa vuto ili siikhala yolakwa kawirikawiri. Mawu okha pa Zoom amafuna makilobiti 60 mpaka 80 pa sekondi, kachinthu kochepa poyerekeza ndi vidiyo. Netiweki yofooka imadula mawu, imawachedwetsa, imakusandutsani wolankhula ngati loboti, koma sikuchititsani chete wa ola lathunthu nkhope yanu ikuoneka bwinobwino kwa anzanu. Anthu akamaona pakamwa panu pakuyenda, ndiye kuti vidiyo yanu, imene ndi yolemera kwambiri, ikudutsa. Akamati "mukuduladula", zimitsani kamera. Akamati "sitikumva kalikonse", musagule bandulo ina.

Popeza nkhani ndi ya intavyu, foni yanu ikhale yokonzeka ngati chothawirapo, ndipo nayo ili ndi zipata zake. Pa Android tsegulani Settings, Apps, Zoom, Permissions, Microphone, musankhe Allow only while using the app. Pa mafoni a Tecno, Itel kapena Samsung mayina a panjira amasiyanako, koma chidule chimene chimagwira pafupifupi paliponse n'kukanikiza kachithunzi ka Zoom osachotsa chala, n'kusankha App info. Chimene chimagwetsa anthu n'chakuti kuyambira pa Android 11, ukakana pempho la chilolezo kawiri foni imasiya kufunsa, ndiye munthu amadikira funso limene silidzabweranso. Foni imathanso kulanda yokha zilolezo za pulogalamu imene yakhala miyezi ingapo osatsegulidwa, choncho Zoom imene inagwira bwino chaka chatha itha kukhala yotsekeredwa lero. Kuyambira pa Android 12, mafoni ambiri alinso ndi swichi ya foni yonse yotchedwa Microphone access kapena Mic access, imene imafanana ndi yoyamba ija ya Windows. Pa iPhone njira ndi Settings, Privacy & Security, Microphone, n'kuyatsa Zoom. Mukalowa mumsonkhano pafoni, dinani Join Audio musankhe Wifi or Cellular Data. Mboni yake ndi kachizindikiro kobiriwira pakona yapamwamba pa Android 12 kupita m'tsogolo, ndi kadontho ka mtundu wa lalanje pa iPhone, kamene kamakhala kobiriwira kamera nayo ikayaka. Dziwaninso kuti wina akakuimbirani foni wamba msonkhano uli m'kati, mawu a Zoom amadukiza, ndiye auzeni achibale kuti ola limenelo asakuimbireni.

Amene ali pa Mac, malo ake ndi System Settings, Privacy & Security, Microphone; kumeneko Zoom ili ndi swichi yakeyake, ndipo mukaiyatsa ikakupemphani Quit & Reopen vomerani. Amene amalowa kudzera pa Chrome ali ndi maloko awiri, wa kompyuta uja ndi wa bulawuza. Wachiwiriyu ali pa kachizindikiro ka kumanzere kwa adiresi pamwamba. Dinani pamenepo muone ngati Microphone yaloledwa pa tsambalo.

Chimodzi chokha muchenjere nacho ngati mudzalowe pa zipangizo ziwiri nthawi imodzi. Laputopu ndi foni zikakhala patebulo limodzi, zonse zitalowetsa mawu, mawu otuluka mu sipika ya china amalowa mu maikolofoni ya chinzake n'kuzungulira, mpaka kumveka kulira kwa tswii kumene kumaboola makutu a aliyense mumsonkhano. Kudina Mute pa laputopu sikukwanira, poti sipika yake imakhala ikulankhulabe. Dinani kamuvi kaja musankhe Leave Computer Audio, kuti laputopu itsale ndi nkhope yanu yokha, mawu onse adzere pafoni.

Swichi yachitatu ija muiyang'ane lero, osati Lachinayi m'mawa, kuti ikakhala yotuwa mukhale ndi masiku obwezera laputopu kwa wogulitsa. Lachitatu madzulo muyese msonkhano woyeserera pa laputopu ndi pafoni pomwe, muli pamalo amene mudzakhale, ndi mahedifoni omwewo amene mudzavale, Bluetooth itazima. Tsiku lenilenilo mulowe mphindi 15 nthawi isanakwane, foni ili ndi moto pambali panu ndipo linki ya msonkhano ili kale mmenemo. Akakulowetsani, musanapereke moni, ponyani diso pansi kumanzere. Ngati pali mzere wofiira, kanikizani Alt pamodzi ndi A, muone zobiriwira zikudzuka, kenako mupereke moni wanu.